Mlamu analanda katundu ndipo sanapepese: kodi kumukhululukira n'kutani?

Tiyerekeze mayi wa ana atatu amene mwamuna wake wamwalira. Maliro atangoikidwa, mlamu wake wabwera ndi galimoto, wapakira mashini osokera, malata amene amayembekeza kufolera nyumba, ngakhale matiresi. Papita zaka zisanu. Mlamuyo amakumana naye pa maliro ndi pa maukwati, amapereka moni ngati palibe chinachitika, ndipo mawu akuti pepani sanatulukepo pakamwa pake. Tsopano akubanja akufuna kumanga chiliza cha malemu, ndiye akuluakulu amuitana mayiyu. "Alamu, ingokhululukani. Chibale ndi fupa, sichiola. Zakale zisiyeni."

Nkhani ngati imeneyi ilipo m'midzi ndi m'matauni mwathu. Chimene chimandipweteka n'chakuti m'mawu amodzi aja akuti khululukani, akuluakulu amalongedzamo zinthu zitatu zosiyana. Akufuna kuti mayiyu achotse chakukhosi, akufuna kuti ayanjanenso ndi mlamu wake, komanso akufuna kuti asadzatchulenso za katundu. Choyamba chokhacho ndiye kukhululuka. Ziwiri zinazo zili ndi malamulo ake, ndipo mayiyu akhoza kuzikana popanda kukhala munthu wouma mtima.

Kukhululuka ndi ntchito imene munthu mmodzi angathe kuigwira yekha. Wolakwiridwa amakhala ngati munthu amene wina ali naye ngongole: amadikira kuti wolakwayo avomere, achite manyazi, amve kuwawa kumene iye anamva. Kukhululuka n'kuleka kulonjerera ngongole ya mumtimayo. Mayi uja amasiya kufunira mlamu wake tsoka, amasiya kukondwa akamva kuti bizinesi yake yagwa, amasiya kugona akukonza mawu amene adzamulalatire nawo. N'chifukwa chake kupepesa sikufunika kuti zimenezi zitheke. Kukanakhala kofunika, ndiye kuti munthu amene anamulanda malata akanakhalanso ndi mphamvu yolamula tsiku limene mayiyu adzayambe kugona tulo.

Katswiri wa za maganizo wa ku America, Everett Worthington, anaphunzira nkhaniyi kwa zaka zambiri pa yunivesite ya Virginia Commonwealth. Iye anakumana nazo yekha, pakuti mayi ake anaphedwa ndi munthu amene anathyola nyumba yawo pamene chaka cha 1996 chinkayamba. Worthington amasiyanitsa kukhululuka kwa mitundu iwiri. Kwina ndi chisankho: munthu amatsimikiza kuti sabwezera ndipo azimuona wolakwayo ngati munthu. Kwina ndi kwa mumtima, pamene mkwiyo umazilala n'kulowedwa m'malo ndi chisoni kapena chifundo. Chisankho chikhoza kuchitika tsiku limodzi, koma mtima umatsatira pang'onopang'ono, mwina miyezi, mwina zaka.

Kusiyana kumeneku kumamasula anthu ambiri opemphera amene amadziimba mlandu. Mayi uja akhoza kunena moona Lamulungu kuti wakhululuka, Lachitatu n'kuona mwana wa mlamu wake atavala diresi losokedwa pa mashini aja, mtima n'kuyamba kugunda. Sikuti ananama Lamulungu lija. Bala likadalipo, ndipo chimene akuyenera kuchita n'kukumbukira chisankho chake, osayambanso kubwereza nkhani yonse m'mutu kuyambira tsiku la maliro.

Njira imene Worthington amaphunzitsa imayamba ndi chinthu chimene akuluakulu aja amachidumpha: kutchula cholakwacho momwe chinalili. Mayiyu anene, kwa mnzake wodalirika kapena polemba papepala, kuti anandilanda zakuti ndi zakuti, mwana wanga wamkulu analekeza sukulu chifukwa cha zimenezo. Wonena kuti "palibe kanthu, zinali zazing'ono" sanakhululuke, wangokwirira. Kenako pamabwera gawo lovuta, loyesa kumvetsa wolakwayo. Mwina mlamuyo anakula akuona kuti chuma cha mwamuna chimabwerera kwawo kwa mwamuna, mwina ankaopa kuti mayiyu akakwatiwanso zonse zipita kwa mlendo. Kumvetsa sikusandutsa cholakwa kukhala cholondola. Kumangothandiza kuti munthuyo aoneke munthu wadyera ndi wamantha, osati chilombo, chifukwa chilombo sungachikhululukire. Pomaliza, chisankhocho chimafunika mboni, kaya ndi mnzake uja kapena mkulu wa mpingo, kuti tsiku limene mkwiyo wabwerera pakhale womukumbutsa.

Nanga mlamuyo auzidwe? Nthawi zambiri ayi. Munthu amene sakuvomera kuti analakwa ukamuuza kuti ndakukhululukirani amayankha kuti "Ndinalakwa chiyani?", ndipo bala limatsegukanso.

Kuyanjana ndi nkhani ina, ndipo kumafuna anthu awiri. Kumatanthauza kukhulupirirananso, ndipo chikhulupiriro chimabwerera pokhapokha wolakwa atasonyeza kuti wasintha. Owerenga Baibulo akumbukire za Yosefe. Abale ake atafika ku Ejipito kudzagula chakudya, sanawabwezere ngakhale anali ndi mphamvu zonse, komabe sanadziulule msanga. Anayamba wawayesa, mpaka kuikitsa chikho chake m'thumba la Benjamini, kuti aone ngati adzamutaya mng'ono wawoyo monga anamutayira iye. Anadziulula Yuda atadzipereka kukhala kapolo m'malo mwa Benjamini. Chimodzimodzi mayi wathu akhoza kupita ku mwambo wa chiliza, kupereka moni, kudya nawo nsima, koma osamusungitsa mlamuyo makalata a puloti kapena kumutuma kukatenga ndalama za ana. Ndipo pamene panali nkhanza zomenya kapena kugwiririra, kutalikira wolakwayo n'kofunika ndithu. Wouza mkazi womenyedwa kuti umboni wa kukhululuka n'kubwerera m'nyumbamo akuika moyo wake pachiswe.

Chachitatu ndi katundu yemwe uja. Kuyambira 2011, dziko la Malawi lili ndi lamulo la chuma cha masiye limene limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo limati kulanda chuma chotere ndi mlandu. Mayiyu akhoza kukadandaula kwa bwanamkubwa wa boma lake, ku nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena kubwalo la milandu, ndipo kutero sikufafaniza kukhululuka kwake. Iye ali ndi ufulu wosiya mkwiyo wake, chifukwa ndi wake. Koma gawo la ana pa chumacho si lake loti angalipereke kuti banja likhale chete. Kusiyana kwa chilungamo ndi kubwezera kumaoneka pa cholinga: wofuna chilungamo amakhutira katundu akabwezedwa, pamene wobwezera sakhutira mpaka mnzakeyo atanyozeka pamaso pa mudzi wonse.

Munthu angadziwe bwanji kuti kukhululuka kwake kukugwira? Sikuti amaiwala, pakuti tsiku la galimoto lija adzalikumbukira mpaka kukalamba. Chizindikiro n'chakuti akhoza kufotokoza nkhaniyo osanjenjemera, dzina la mlamu likatchulidwa nsima imapitabe, ndipo sakuphunzitsa ana ake kudana ndi ana a mlamuyo. Kukhululuka kokakamizidwa kumaonekanso: pakamwa pamati zinatha, koma nkhaniyo imatuluka pa mkangano uliwonse, ngakhale wa nkhuku.

Inu ankhoswe, abusa ndi eni mbumba amene mumakhala pa milandu yotere, musayambire kwa wolakwiridwa chifukwa choti ndiye wofatsa. Pitani kaye kwa amene anapakira katundu, mukamuuze kuti analakwa ndipo abweze. Mayiyo musamuikire tsiku lokhululukira, ndipo akakhululuka musatenge zimenezo ngati chilolezo chotsekera nkhani ya malata.