Thanga la Lermontov likafika pa nyanja yathu

Ana a sukulu ambiri ku Rasha amaloweza pamtima ndakatulo ina ya mizere 12 yotchedwa *Parus*, kutanthauza thanga la ngalawa. Anailemba Mikhail Lermontov m'chaka cha 1832 ali ndi zaka 17, atangosamuka ku Moscow kupita ku St Petersburg, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja. Inasindikizidwa mu 1841, chaka chomwe mwini wake anawomberedwa n'kufa pa mkangano ku Pyatigorsk. Poiona kufupika, munthu angaganize kuti kuimasulira m'Chichewa ndi ntchito ya madzulo amodzi. Koma aliyense amene anayesapo amadziwa kuti mawu amodzi okha angamugoneke mochedwa sabata yathunthu.

Ndakatuloyi ili ndi ndime zitatu, iliyonse ya mizere inayi, ndipo zonse zinamangidwa mofanana. Mizere iwiri yoyamba imajambula zimene maso akuona, iwiri yotsatira imanena zimene mtima ukuganiza. M'ndime yoyamba thanga likuoneka patali m'chifunga. M'ndime yachiwiri mphepo yauka ndipo mlongoti ukupindika. M'ndime yachitatu nyanja yachita bata, dzuwa likuwala, koma thangalo m'malo mokondwa likulakalaka chimphepo. Womasulira ayenera kusunga kamangidwe kameneka asanaganize china chilichonse. Akalola maganizo kulowerera m'mizere ya chithunzi, kapena akawonjeza mzere wachisanu kuti afotokoze bwino, watulutsa ndakatulo ina.

Poyamba zinthu zimaoneka ngati zikutikomera. Nyanja tili nayo, ndipo ngalawa za matanga zikuyendabe pakati pa Likoma ndi gombe la Mozambiki. Mawu akuti thanga ali ndi maphatikizo awiri, chimodzimodzi *parus*. Wina angakonde kunena kuti nsalu ya ngalawa pofuna kuthandiza owerenga a kumtunda, koma amenewo ndi maphatikizo asanu ndi limodzi, oposa theka la mzere wonse wa Lermontov. Kuli bwino kusunga thanga, mlongoti ndi mafunde a m'ndime yachiwiri adzamveketsa okha tanthauzo lake.

Liwu loyamba la ndakatuloyi ndi mneni, *beleyet*. Mneni ameneyu sanena kuti chinthu ndi choyera basi, amanena kuti chikuoneka kuyera munthu akachiyang'ana ali patali. Chichewa chili ndi mwayi pamenepa chifukwa nachonso chimanena kuyera ndi mneni. Vuto ndi lakuti kuyera kwathu kumanenanso za ukhondo ndi za chiyero cha kutchalitchi, zomwe Lermontov sanali kuganizako. Chomwe chingatipulumutse ndi mvekero. Tikati mbee, diso limaona kadontho kowala pakati pa madzi. Tikati mbuu talakwitsa, chifukwa mbuu ndi kutuwa kwa mwana amene wasewera pa phulusa kapena kwa miyendo yosadzola. Mivekero iwiriyi ikusiyana pang'ono m'kamwa, koma umodzi ukupereka thanga latsopano padzuwa, winawo chiguduli chafumbi.

Kenaka pali chifunga. Mawu ena a chinthu chomwechi ndi nkhungu, ndipo ndi aafupi, choncho amakopa womasulira amene akuwerenga maphatikizo. Koma kawerengereni msodzi wa ku Nkhotakota kuti pa nyanja pali nkhungu. Iye aona tizilombo tija timatuluka m'madzi ngati utsi wakuda, tomwe anthu amakola ndi kudya. Thanga loyera lalowa mu mtambo wa tizilombo, chithunzi chafa. Apa chifunga ndicho choyenera ngakhale chikudya malo.

Mtundu wa chifungacho ndiye mutu waukulu. Chirasha chili ndi mawu awiri osiyana a mtundu umene ambiri timangoti buluu: *siniy* ndi wakuda ngati inki, *goluboy* ndi wowala ngati kumwamba kopanda mitambo. Lermontov anasankha wachiwiriwu. Tikati chobiriwira, wowerenga aona msipu wa dzinja. Tikati cha buluu, mawuwo akumveka ngati tikugula penti kapena yunifolomu. Njira yotsala ndi kufanizira, mwina ndi mtambo, mwina ndi mapiri a kutsidya momwe amaonekera masana. Kufanizira kumatalikitsa mzere, komanso kumaika m'ndakatulo chinthu chomwe munalibe. Ine ndingasankhe mtambo, chifukwa uli kale pamwamba pa nyanja iliyonse, pomwe mapiri angabweretse gombe m'chithunzi chimene mphamvu yake ndi yakuti gombe silikuoneka.

Msampha wina ndi mwera. Aliyense wa kunyanja amaudziwa, mphepo ya kummwera ija imagwedeza mabwato m'miyezi yozizira. Kuuika m'ndime yomaliza kungakometse mzere, koma kungasamutsire mnyamata wa ku St Petersburg ku Mangochi. Mwera uli ndi nyengo yake ndi mbali yake yochokera, pomwe Lermontov akunena za chimphepo chilichonse. Namondwe ndiye akukwanira, poti alibe kwawo.

Tsopano tifike pa kayendedwe ka mawu. M'Chirasha liwu lililonse lili ndi phatikizo limodzi lomwe limagundidwa mwamphamvu, ndipo malo ake amasintha tanthauzo. *Muka* ukagunda koyambirira ndi mazunzo, ukagunda kumapeto ndi ufa. Ife zotere timazichita ndi kukweza kapena kutsitsa mawu, monga pa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Kugunda kwa Chichewa sikuyendayenda, kumagwera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo kumamveka kwambiri pothera pa chiganizo, pomwe timakoka mawu pang'ono.

Mizere ya *Parus* imayenda mosinthana, phatikizo lofewa kenaka lamphamvu, kanayi pa mzere. Mzere woyamba ndi wachitatu wa ndime uli ndi maphatikizo 9 ndipo umathera pofewa. Wachiwiri ndi wachinayi uli ndi 8 ndipo umathera pamphamvu, ngati chitseko chotsekedwa. Ndakatulo yonse ndi maphatikizo 102.

Kodi Chichewa chingayende chotero? Tiyese ndi ziganizo zathu za tsiku ndi tsiku. Nenani mokweza kuti: Atate, mwana wanu wadza. Maphatikizo ndi 9, ndipo kugunda kwagwera pa lachiwiri, lachinayi, lachisanu ndi chimodzi ndi lachisanu ndi chitatu. Umenewo ndiye muyeso wa Lermontov ndendende. Chinsinsi chake ndi kuyamba ndi liwu la maphatikizo atatu, kenaka kutsatiza mawu a maphatikizo awiriawiri. Mzere wothera pamphamvu ndi wovutirapo, chifukwa mawu athu sathera pogunda. Apanso mvekero ndiwo umathandiza: Usiku wonse mudzi zii. Maphatikizo 8, kugunda komaliza pa zii.

Zotheka zilipo, koma malire ake ali pafupi. Mneni wa Chichewa amanyamula mwini ntchito, nthawi ndi zina m'liwu limodzi, motero likufunafuna lokha ladya kale maphatikizo asanu ndi limodzi. Komanso mizere yothera pamphamvu ilipo isanu ndi umodzi. Yonse ikathera pa mbee, phee, zii ndi gwa, ndakatulo yachisoni isanduka nthano ya kalulu, omvera ayamba kumwetulira. Mivekero iwiri kapena itatu ndi yokwanira, ndipo malo ake ndi m'mizere ya chithunzi, osati ya maganizo.

Chotonthoza ndi chakuti alakatuli a Chirasha nawonso sagunda malo onse anayi nthawi zonse. Mzere woyamba wa *Parus* uli ndi kugunda kwenikweni kutatu kokha. Choncho womasulira angalole mzere kufika maphatikizo 10 kapena 12, bola ukhale ndi kugunda kutatu kapena kunayi, ndipo mzere wautali uzisinthana ndi waufupi. Kusinthana kumeneko ndiko kumapereka kuyenda kwa funde, kubwera ndi kubwerera.

Za kufananitsa mathero a mizere musadzivutitse nazo kwambiri. Lermontov amafananitsa mzere woyamba ndi wachitatu, wachiwiri ndi wachinayi. Kwa ife aneni ambiri amathera pa a, choncho kufanana kotere kumabwera kokha ndipo khutu silikuwerengera. Nyimbo ya Chichewa ili kumayambiriro kwa mawu, mwa agwirizanitsi: thanga, lokha, loyera, likupita. Kubwerezabwereza kwa l kumeneku kumamanga mizere pamodzi monga momwe mathero amachitira m'Chirasha.

Agwirizanitsi omwewa ndi amene amabweretsa chisankho chachikulu koposa. M'Chirasha dzina lililonse ndi lachimuna, lachikazi kapena lapakati, ndipo *parus* ndi lachimuna. Mlowam'malo wake ndi *on*, yemweyo amene amanenera mwamuna. Wowerenga wa ku Rasha akamva *on* amaona thanga ndi mnyamata nthawi imodzi, popanda wina kumuuza. Chichewa sichilola zimenezo. Tikati likufuna, ndi chinthu. Tikati akufuna, ndi munthu. Palibe pobisala, ndipo amene akumasulira kudzera m'Chingerezi apeza kuti wina anamusankhira kale osamuuza.

Ena angayambe ndi li, n'kusinthira ku iye m'ndime yomaliza kuti wowerenga adzidzimuke. Nzeruyo ndi yokopa, koma ikufanana ndi kuponya ndagi n'kuyankha wekha. Lermontov sanatchule munthu paliponse m'mizere 12 yonseyo. Kusunga li mpaka kumapeto ndiko kukhulupirika, chifukwa chinthu chimene chikufunafuna, chimene chasiya kwawo ndi kupempha namondwe, Mchewa aliyense adziwa yekha kuti si nsalu. Miyambi yathu inatizoloweretsa kale kumva za anthu kudzera mu zinthu ndi nyama.

Liwu lomaliza lovuta ndi *myatezhniy*, lomwe limafotokoza thangalo m'ndime yachitatu. Limanena za woukira ulamuliro, komanso za mtima wosapeza mpumulo. Loukira likumveka ndale zokhazokha. Losamva likumveka ngati mwana wopulupudza. Losakhazikika lagwira mtima koma lataya ukali. Logalukira ndilo layandikira, poti muli kukana ndi kutembenukira kumbali, ngakhale ladya maphatikizo asanu.

Mukamaliza, yesani ntchito yanu motere. Pezani wolankhula Chirasha kapena mawu ojambulidwa a ndakatuloyi, mumvetsere katatu mukuwomba m'manja pogunda. Kenaka perekani Chichewa chanu kwa munthu amene sanaonepo ndakatuloyi kuti awerenge mokweza. Pomwe wapunthwa kapena kupuma pakati pa mzere, mzerewo ndi wautali. Pomwe waseka, mvekero wachuluka. Pomaliza mufunseni zimene waona ndiponso kuti ndakatuloyi ikunena za yani. Akati waona kanthu koyera patali pa madzi, nati ikunena za munthu amene mtima wake sukhala pansi, pomwe inu simunalembe liwu lakuti munthu, dziwani kuti thanga la Lermontov lafika.