Kamthenga kam'kati: chifukwa chake kompyuta yoyerekeza imafuna Guest Additions

Munthu akaika Ubuntu m'kati mwa laputopu ya Windows koyamba, pogwiritsa ntchito VirtualBox, chimwemwe chake sichichedwa kuzilala. Ubuntu amayaka bwinobwino, koma amaoneka ngati kabokosi kakang'ono pakati pa sikirini. Mwini wake amakoka ngodya ya windo kuti likule, windo n'kukuladi, koma chithunzi cham'kati osasuntha, m'mbali monse mutangotsala malo opanda kanthu. Akakopa mawu m'buku la maphunziro lomwe watsegula pa Windows n'kukayesa kuwamata mu Ubuntu, palibe chimatuluka. Ambiri apa amaganiza kuti alakwitsa poika, ena mpaka amafufuta zonse n'kuyambiranso.

Sipakhala kuti palakwika. Makina oyerekeza anapangidwa kuti azikhala choncho mpaka mwini wake ataikamo mapulogalamu ochepa omwe VirtualBox imawatcha Guest Additions.

VirtualBox inayambitsidwa ndi kampani ya ku Germany ya Innotek, yomwe inagulidwa ndi Sun Microsystems mu 2008, ndipo kuchokera mu 2010 ili m'manja mwa Oracle. Ntchito yake ndi kupatula gawo la memore, la purosesa ndi la disiki ya kompyuta yeniyeni, n'kumangapo kompyuta yachiwiri yomwe ilipo mwa pulogalamu chabe. Kompyuta yeniyeniyo ndiye mwininyumba, yam'katiyo ndiye mlendo. Mlendoyu amapatsidwa zida zongoyerekeza: khadi la zithunzi, kiyibodi, mausi, disiki, khadi la netiweki. Iye amazitenga ngati zenizeni, ndipo kunja kwa zidazo saona chilichonse. Mpanda umenewu ndi wadala. Ndi womwe umachititsa kuti munthu ayese pulogalamu yokayikitsa, kapena kuphunzira Linux n'kuiwononga kangapo, mafayilo ake a pa Windows ali bwinobwino.

Mpanda womwewo ndi umene umaletsa sikirini kukula. Sikirini yeniyeni ikalumikizidwa ku kompyuta imadzitchula yokha kuti imatha kuonetsa timadontho tingati m'lifupi ndi m'litali, mwachitsanzo 1920 ndi 1080, ndipo kukula kumeneku sikusintha chifukwa galasi silifutukuka. Koma sikirini ya mlendo ndi windo chabe pa Windows, lomwe munthu angalikoke kufika pa muyeso uliwonse, ngakhale wachilendo ngati 1310 ndi 742. Amene amadziwa kuti windo lakokedwa ndi mwininyumba yekha. Mlendo alibe khutu lomvera uthengawo, choncho amakakamira pa umodzi mwa miyeso yodziwika kale, kawirikawiri 800 ndi 600 kapena 1024 ndi 768.

Guest Additions akaikidwa, ulendo wa uthengawo umakhala wotere. Munthu akakoka windo, VirtualBox imalemba muyeso watsopano pa kachida kena koyerekeza komwe inapangira kulankhulana ndi mlendo. Dalaivala wa m'kati mwa mlendo, yemwe pa Linux dzina lake ndi vboxguest, ndiye amadziwa kuwerenga kachidako. Akalandira uthenga amaupereka kwa kapulogalamu kotchedwa VBoxClient, ndipo gawo la Ubuntu lomwe limajambula za pa sikirini limauzidwa kuti liyambe kujambula pa muyeso watsopano. Pakangodutsa kamphindi, sikirini imaphethira n'kudzaza windo lonse. Chofunika kumvetsa n'chakuti amene wasintha muyeso ndi mlendo mwini wake. Mwininyumba wangopempha.

Pali njira ina yomwe imasokoneza anthu. Pa mndandanda wa View pali Scaled Mode, yomwe imatambasula chithunzi kuti chidzaze windo ngakhale popanda Guest Additions. Koma uku ndi kukoka chithunzi chaching'ono chomwecho. Zilembo zimatupa ndi kuchita chimbuuzi, ndipo malo ogwirirapo ntchito saonjezeka. Munthu akaona zilembo zonenepa mosaoneka bwino, adziwe kuti muyeso weniweni sunasinthe. Chomwe akufuna ndi Auto-resize Guest Display, ndipo mzere umenewu umakhala wotuwa, wosadindika, ngati m'kati mwa mlendo mulibe woyankha.

Nkhani ya kukopa ndi kumata ndiyo imaonetsa bwino kuti makompyutawa ndi awiridi. Munthu akadina Ctrl+C pa Windows, mawu amasungidwa pa kilipibodi, malo a m'memore omwe Windows amawayang'anira. Ubuntu nayenso ali ndi kilipibodi yake, m'memore yake, yoyenda mwa malamulo ake. Kiyibodi ndi imodzi, dzanja ndi limodzi, koma nkhokwe ndi ziwiri ndipo palibe khomo pakati pake. VirtualBox singangolowa m'memore ya mlendo n'kuponyamo mawu, chifukwa kwa iyo memoreyo ndi mulu wa manambala, ndipo kasungidwe ka Windows, ka Linux ndi ka makina ena n'kosiyana. Pamafunika wina wa m'kati amene amadziwa za m'menemo.

Pa mlendo wa Linux ntchitoyi ndi ya VBoxClient, pa mlendo wa Windows ndi ya VBoxTray. Munthu akakopa mawu kunja, uthenga woyamba kudutsa umangonena kuti kuno kuli zokopedwa, za mtundu wakuti. VBoxClient amauza kilipibodi ya Ubuntu kuti ali ndi zoti apereke. Pamene munthu wadina kuti amate m'pamene mawu enieniwo amapemphedwa n'kuwoloka. Popeza kapulogalamuka kamayamba munthu akalowa pa desikitopu yake, mlendo yemwe ali ndi sikirini yakuda ya malamulo okhaokha, ngati Ubuntu Server, sapeza mwayi umenewu ngakhale Guest Additions ataikidwa bwino.

Tiyerekeze wophunzira za makompyuta yemwe ali ndi laputopu ya Windows, VirtualBox 7.0 ndi Ubuntu watsopano m'kati mwake. Chinthu choyamba kukumbukira n'chakuti zonse zimachitikira mwa mlendo. Anthu ambiri amatsitsa Extension Pack n'kuiika pa Windows poganiza kuti ndi chinthu chomwecho, pomwe imeneyo ndi ya mwininyumba ndipo siikhudza kukula kwa sikirini.

Wophunzirayo amatsegula teminolo mu Ubuntu n'kuyamba ndi zida zomangira:

```
sudo apt update
sudo apt install build-essential dkms linux-headers-$(uname -r)
```

Sitepe imeneyi ndi yomwe imadumphidwa kwambiri, ndipo ndi gwero la mavuto ochuluka. Madalaivala a Linux amayenera kugwirizana ndendende ndi kenelo, yomwe ndi mtima wa Linux, choncho pulogalamu yoika Guest Additions imawamangira pompo, m'kati mwa mlendoyo. Ikasowa zida zomangira kapena mafayilo ofotokoza kenelo imalephera, koma uthenga wake umabisala pakati pa mizere yambiri ndipo munthu amachoka akuganiza kuti zatheka.

Kenako amapita pa Devices n'kusankha Insert Guest Additions CD image. Palibe chimbale chenicheni apa. VirtualBox imabwera kale ndi fayilo ya VBoxGuestAdditions.iso, ndipo imangoilowetsa m'malo a chimbale oyerekeza. Chimbalecho chikaoneka ndi kutsegulidwa mu Ubuntu, chotsatira ndi ichi:

```
cd /media/$USER/VBox_GAs_*
sudo ./VBoxLinuxAdditions.run
sudo reboot
```

Mlendo akakhala Windows n'zosavuta: kutsegula chimbalecho, kudina VBoxWindowsAdditions.exe, kutsatira mafunso ndi kuyatsanso.

Ubuntu akadzukanso, sikirini iyenera kutsatira windo. Koma kukopa kumakhala kusanayambebe, ndipo apa ambiri amakhumudwa kachiwiri. VirtualBox imasiya kilipibodi yotseka mpaka mwini wake atasankha yekha, pa Devices kenako Shared Clipboard. Zosankha zilipo zinayi: Disabled, Host to Guest, Guest to Host ndi Bidirectional. Malangizo ambiri amangothamangira Bidirectional, kutanthauza mbali zonse ziwiri, koma m'pofunika kuganiza kaye. Njira yochokera kunja ikatsegulidwa, chilichonse chomwe munthu wakopa pa Windows, kaya ndi pasiwedi ya kubanki kaya nambala ya akaunti, pulogalamu iliyonse ya mwa mlendo ingathe kuchiwerenga. Kwa wophunzira yemwe akukopa malamulo kuchokera m'buku la kalasi, Host to Guest ndi yokwana. Kwa munthu amene akutsegula fayilo yokayikitsa kuti aone chomwe imachita, kuisiya pa Disabled ndiye nzeru, chifukwa mpanda ndi womwe wafuna.

Nthawi zina zonse zimakhala bwino koma wophunzirayo akudina Ctrl+V mu teminolo, momwe kumata kumafuna Ctrl+Shift+V. Kuyesa kumata m'pulogalamu yolembera wamba kumathetsa chikayiko chimenechi msanga.

Zikakanabe, mafunso ndi awiri: kodi dalaivala walowa, nanga kamthenga kakuyenda?

```
lsmod | grep vbox
pgrep -a VBoxClient
```

Lamulo loyamba liyenera kuonetsa vboxguest. Lachiwiri liyenera kuonetsa mizere ingapo, umodzi uli ndi `--clipboard`. Dalaivala akapanda kuoneka, chifukwa chake chimapezeka mu fayilo ya /var/log/vboxadd-setup.log, ndipo kawirikawiri ndi zida zomangira zija, kapena Secure Boot yomwe imakana madalaivala osasainidwa ngati inayatsidwa pa mlendoyo. Kuoneka kwa vboxguest pakokha sikutsimikizira zonse, poti Linux wamakono amabwera naye kale, koma VBoxClient amafunikabe kuikidwa. Dalaivala akakhalapo, kamthenga kakuyenda, koma kukopa n'kumachita mwa apo ndi apo, wokayikiridwa ndi Wayland, njira yatsopano yojambulira sikirini yomwe imateteza kilipibodi kwambiri kuposa yakale. Pa Ubuntu 22.04 munthu angasankhe Ubuntu on Xorg pa sikirini yolowera n'kuona ngati vuto latha. Za sikirini, ndi bwino kuona pa Settings, gawo la Display, kuti mlendo wa Linux ali pa VMSVGA, pomwe wa Windows wamakono amafuna VBoxSVGA.

Vuto lina limadza mochedwa. Zinthu zimayenda kwa miyezi, kenako tsiku lina sikirini yabwerera pa kabokosi kaja. Kawirikawiri kenelo ya Ubuntu yasinthidwa ndipo madalaivala sanamangidwenso, kapena VirtualBox ya kunja yakwezedwa pomwe Guest Additions am'kati akadali akale. Kulowetsanso chimbale chija ndi kuyendetsanso pulogalamu yoika ndiko mankhwala ake.

Phukusi lomweli ndi limene limalola kugawana mafoda, bola wogwiritsa ntchito wa Linux aikidwe m'gulu la vboxsf, komanso limakonza wotchi ya mlendo yomwe imatsalira laputopu ikagona. Makampani ena nawonso ali ndi zawo. VMware ili ndi VMware Tools, ndipo pa Linux ambiri amaika open-vm-tools pamodzi ndi open-vm-tools-desktop, yachiwiriyi ndiyo yofunika pa kukopa ndi kumata. Amene amagwiritsa ntchito QEMU ndi KVM amaika spice-vdagent, a Parallels pa Mac amaika Parallels Tools. Zonsezi zimaikidwa mwa mlendo, ndipo sizibwerekana: munthu akasamutsa makina ake kuchoka ku VMware kupita ku VirtualBox, ayenera kuchotsa zida zakale n'kuika Guest Additions, apo ayi sikirini ndi kilipibodi zidzakhalanso chete.