Ndalama zopanda mwini m'mabuku a esiteti ya tiyi

Munthu wodutsa m'dera la mfumu Khwethemule ku Thyolo amaona othyola tiyi ndi mabasiketi awo kumsana, makapitawo, ndi kalaliki wa pa sikelo amene amalemba makilo a aliyense. Amene saonekera ndi a mu ofesi ya maakaunti. Makampani a tiyi a m'bomali, monga Satemwa yomwe idayamba mu 1923, Conforzi, Naming'omba ndi Eastern Produce, onse ali ndi makalaliki amene manambala a pa sikelo, a kufakitale ndi a kubanki amathera m'manja mwawo. Mwezi ukamatha, makamaka nyengo ya mvula pamene tiyi amaphukira kwambiri, anthuwa amaweruka mochedwa, ndipo chimodzi mwa zowachedwetsa ndi akaunti imene amaitchula kuti sasipensi.

Lamulo la ntchito yawo ndi lakale, lidalembedwa kale m'buku la Luca Pacioli la mu 1494: ndalama iliyonse imalembedwa kawiri, mbali ya debiti ndi mbali ya kirediti. Esiteti ikagula feteleza pa ngongole, akaunti ya feteleza imalandira debiti, ya wogulitsayo kirediti, nambala yake imodzimodzi. Vuto limadza pamene kalaliki akudziwa mbali imodzi yokha. Sitetimenti ya banki ikusonyeza kuti kwalowa ndalama, koma wotumizayo sadalembe dzina kapena nambala ya invoisi. Ndi ya wogula tiyi ku okushoni ya ku Limbe? Ndi ya wina amene adagula mapolo a bulugamu? Mbali ya banki njodziwika, ndalamayo yalowadi, choncho imalembedwa debiti. Mbali inayo imakadikira ku sasipensi ngati kirediti mpaka mwini wake atadziwika. Kalaliki wabwino salota. Akangoiponya pa dzina la kasitomala amene akumuganizira, ngongole ya munthu wolakwika imachepa, pamene amene adalipiradi akulandira makalata omukumbutsa ngongole yomwe adabweza kale.

Chifukwa chachiwiri chotsegulira akauntiyi ndi cha pakutha pa mwezi. Mabalansi onse a mu leja amaikidwa pa mndandanda umodzi wotchedwa thirayo balansi, ndipo madebiti onse ayenera kufanana ndi makirediti onse. Akapanda kufanana, pamene mabwana akufuna malipoti mawa, kusiyanako kumaikidwa ku sasipensi, mbali imene yaperewera, kuti ntchito ipitirire uku cholakwacho chikufufuzidwa. Masiku ano mapulogalamu a pa kompyuta salola kulemba mbali imodzi yokha, kotero m'maofesi akuluakulu vutoli lidachepa. Koma m'mabungwe a alimi ang'onoang'ono a tiyi, m'masitolo ndi kulikonse kumene akulembabe pamanja kapena pa Excel, likadalipo.

Tiyerekeze motere. Kumapeto kwa Malichi madebiti aposa makirediti ndi K510,000. Kalaliki akutsegula sasipensi ndi kirediti ya K510,000, mndandanda wafanana, kusaka kwayamba. Pali njira ziwiri zachidule zimene aliyense wa ntchitoyi amayamba nazo. Yoyamba ndi kugawa kusiyanako pawiri ndi kufufuza nambala yotulukayo, chifukwa ndalama yolembedwa mbali yolakwika imabweretsa kusiyana kowirikiza kawiri. Yachiwiri ndi kugawa ndi 9, pakuti manambala awiri akasinthana malo, kusiyanako kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Apa zonse zikukanika: K255,000 sakupezeka paliponse, ndipo 9 sakulowa bwino mu 510,000. Wozolowera ntchito amadziwa kuti mwina zolakwazo nzoposa chimodzi.

Ndiye akuyamba kutsata kashibuku mzere ndi mzere, kuyerekeza ndi leja. Akupeza K75,000 ya mapolo: mu kashibuku idalembedwa bwino ngati debiti, koma ku akaunti ya malonda a mapolo idalembedwanso debiti m'malo mwa kirediti. Ophunzira ambiri amakhumudwa apa, amakonza ndi K75,000 yokha. Pafunika K150,000: theka lofafanizira debiti yolakwikayo, theka lina loika kirediti imene imayenera kukhalapo. Mu jenala akulemba debiti ku sasipensi K150,000, kirediti ku malonda a mapolo K150,000. Ku sasipensi kwatsala K360,000.

Tsopano 9 akulowa: 360,000 kugawa ndi 9 ndi 40,000 ndendende. Kalaliki akuyang'ana mainvoisi akuluakulu, ndipo sakuchedwa. Invoisi ya feteleza ya K1,260,000 idalembedwa molondola kwa wogulitsa, koma ku akaunti ya feteleza idalembedwa K1,620,000. 2 ndi 6 adasinthana malo. Kukonza kwake ndi debiti ku sasipensi K360,000, kirediti ku feteleza K360,000. Sasipensi yafika pa ziro. Sizithera pomwepo, chifukwa malipoti amene adapita kale kwa mabwana adasonyeza phindu lochepa: malonda adaperewera ndi K150,000 ndipo mtengo wa feteleza udakwera ndi K360,000. Phindu liyenera kuwonjezeredwa K510,000. Jenala iliyonse yokonzera imakhala ndi chikalata chake kumbuyo, ndipo amasaina ndi akauntanti wamkulu, osati kalaliki yemweyo amene waikonza.

Sasipensi ili ndi malire ake, ndipo malirewo amakhudza wothyola tiyi mwachindunji. Kalaliki wa pa sikelo akalemba makilo a mayi wina pa nambala ya mnzake, malipiro onse pamodzi sasintha, mabuku amafanana bwinobwino, ku sasipensi sikupita kanthu. Cholakwacho chimaululika pa tsiku la malipiro mayiyo akapita kukadandaula kwa kapitawo. Chimodzimodzi invoisi yoiwalika m'dilowa, kapena mtengo wa makina atsopano wolembedwa ngati wokonzetsera akale. Zoterezi zimakonzedwa ndi jenala yochotsa uku ndi kuika uko, osadzera ku sasipensi. Kufanana kwa mabuku si umboni woti zonse zili bwino.

Kumene akauntiyi imawonongekera nkosiyana ndi uku. Imayenera kukhala ngati khonde lousapo mvula, koma m'maofesi aulesi zinthu zimagonamo zaka. Ndalama ya mlimi imene banki yabweza chifukwa nambala ya akaunti idalakwika, malipiro a wantchito wa nyengo amene adabwerera kumudzi osatenga, zonse zimakankhidwira komweko, ngakhale kuti izi mwini wake ngodziwika ndipo zili ndi akaunti yake ya ngongole. Choopsa kwambiri nchakuti madebiti ndi makirediti osagwirizana amabisana. K2,000,000 yotuluka popanda chikalata ndi K1,990,000 yolowa yopanda dzina zimasiya balansi ya K10,000 yokha, yomwe bwana wothamanga sangaicheukire. Wakuba wodziwa mabuku amabisala momwemo. Nchifukwa chake maodita safunsa balansi yokha. Amafuna mndandanda wa chilichonse chimene chili m'katimo, tsiku limene chidalowa, ndi amene akuchitsatira.

Kutsuka sasipensi ya ndalama zopanda dzina si ntchito ya masamu, ndi ya foni ndi miyendo. Kalaliki amapempha banki kuti inene kumene ndalamayo idachokera, amayerekeza ndi mainvoisi amene sadalipiridwe, amafunsa a kufakitale ndi a kusitolo. Ikakanika ndithu patapita nthawi imene kampaniyo idakhazikitsa, kuichotsa kumafuna chilolezo cholembedwa cha akuluakulu. Kuisandutsa phindu mwakachetechete, pofuna kuti akauntiyo ioneke yoyera maodita asanabwere, ndi chinyengo, pakuti mwini wake akhoza kudzatulukira ndi risiti.

Inu a komiti ya bungwe la alimi, msungichuma akamawerenga lipoti pa msonkhano wa pachaka n'kutchula sasipensi, musakhutire ndi nambala imodzi. Mupempheni mndandandawo, ndipo pa chilichonse chimene chakhalamo kupitirira miyezi itatu, afotokoze chifukwa chake.