Bwana amve tsiku, asangomva pepani

Tiyerekeze kuti mumagwira ntchito kubungwe lina ku Blantyre. Mwatumidwa kulemba lipoti la kafukufuku wa mijigo m'midzi 12 ya ku Chikwawa, ndipo bwana akulifuna Lachisanu pa 14 Malichi. Lero ndi Lolemba. Mvula yadula msewu, mafomu a midzi itatu sanafike. Mumtima mwadziwa kale kuti Lachisanu sizitheka.

Ambirife tinakula tikumva kuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Choncho timadikira mpaka Lachinayi madzulo, kenaka n'kulemba moni wautali, madandaulo a mvula, n'kumaliza ndi mawu akuti "zichedwa pang'ono". Ulemu umenewu umawapweteka bwanawo. Iwonso ali ndi owayang'anira, mwina opereka thandizo, amene anawalonjeza lipotilo. Akadziwa Lolemba angathe kupempha masiku owonjezera. Akadziwa Lachinayi usiku, chowatsalira ndi manyazi.

Imeloyo ilembedwe lero lomwe. Pamutu pake nkhani ionekeretu, pakuti bwana angaione pafoni ali pamsonkhano: "Lipoti la mijigo ku Chikwawa: lifika pa 21 Malichi, osati pa 14". M'kati mwake mungalembe motere:

"Bwana, ndikudziwitseni kuti lipoti la mijigo silitha pa 14 monga ndinalonjezera. Pepani kwambiri. Midzi 9 mwa 12 ndamaliza. Mafomu a midzi itatu sanafike chifukwa msewu waduka, ndipo anzathu akumeneko akuti afika nawo Lachiwiri pa 18. Lipoti lonse mulilandira pa 21. Ngati mungafune, Lachisanu lino nditha kukutumizirani gawo la midzi 9. Ndikulemberaninso pa 18 kukuuzani ngati mafomuwo afika."

Chokhazika bwana mtima pansi m'kalatayi ndi manambala ndi tsikulo. Mawu akuti "musadandaule" alibe chogwirika, pomwe "9 mwa 12" akuonetsa kuti ntchito yaikulu yatheka.

Tsiku latsopanolo lisachokere m'mantha. Liwerengereni: mafomu afika pa 18, kuwalowetsa pakompyuta ndi kulemba kukutengerani masiku awiri, ndiye kuti pa 20. Tsiku limodzi mwasungira kuzima kwa magetsi kapena fomu yolakwika. Wolonjeza pa 19 pofuna kusangalatsa bwana adzalembanso imelo ina yopepesa, ndipo yachiwiriyo ndiyo imachotsa chikhulupiriro.

Pepani mmodzi ngokwanira. Ndipo ngati mbali ina ya vuto ndi yanu, monga kuchedwa kutumiza galimoto mvula isanadule msewu, nenani m'chiganizo chimodzi, osaunjikira dalaivala amene sangadziyankhire m'kalatamo.

Likafika la 18, lembaninso monga munalonjezera, ngakhale mafomuwo atakhala kuti sanafike.