Kalata yomwe imatsagana ndi mwana wa chibayo ku chipatala chachikulu

Mayi akauzidwa pa chipatala chaching'ono kuti mwana wake apite ku chipatala chachikulu cha boma, amapatsidwa kalata, ndipo nthawi zambiri imalembedwa m'buku la kuchipatala la mwanayo. Ambiri amangoiona ngati chiphaso chokwerera ambulansi. Komatu dokotala wa uko sanamuonepo mwanayo, ndiye zonse zomwe zachitika masiku apitawo amazidziwira m'kalatamo.

Tiyerekeze mwana wa chaka ndi theka, wolemera makilogalamu 10. Anabwera Lolemba akutsokomola, thupi litatentha, akupuma ka 52 pa mphindi. Pa msinkhu umenewu, kupuma ka 40 kapena kupitirira ndi chizindikiro cha chibayo. Kiliniko ofesala, yemwe kumudzi timangoti adokotala, anamupatsa amokisisilini, mapiritsi awiri a mamiligalamu 250 m'mawa ndi awiri madzulo, n'kuuza mayi kuti abwerenso pakatha masiku atatu. Lachinayi mwana wabwera akupuma ka 58, m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati akamakoka mpweya, akukana bere ndi madzi omwe, ndipo kachipangizo kopana chala kakuonetsa mpweya wa okosijeni m'magazi pa 88, pomwe suyenera kutsika pa 90.

Kalata yabwino imaika manambala a Lolemba ndi a Lachinayi pamodzi, chifukwa kusiyana kwake ndi komwe kukuonetsa kuti matenda akukula. Imatchula mankhwala, mlingo wake, ndiponso ngati mwana amamwadi kapena amasanza. Mfundo imeneyi ndi yaikulu. Mwana amene wakhala akusanza mapiritsi sanalandire chithandizo n'komwe, pomwe amene wamwa bwino koma osachira amachititsa dokotala kuganizira zina: mafinya ounjikana m'mbali mwa mapapo, chifuwa chachikulu, kachilombo koyambitsa Edzi, kunyentchera, ngakhale njere ya mtedza yomwe inalowa m'njira ya mpweya. N'chifukwa chake adokotala amafunsa ngati pakhomo pali wina amene wakhala akutsokomola kwa nthawi yaitali, n'kulemba yankho lake pamodzi ndi zotsatira za kuyeza malungo.

Mwana wotere sanyamuka asanabayidwe jakisoni woyamba wa mankhwala opha tizilombo, ndipo kalata iyenera kunena dzina la jakisoniyo ndi ola lomwe wabayidwa. Popanda olalo, anamwino a ku wodi ya ana akhoza kubwereza msanga kapena kuchedwetsa wachiwiri. Ine zimandiwawa kuona kalata yongoti "chibayo, sakuchira, thandizani", chifukwa imabweza aliyense poyambira pomwe mwana akubanika.

Pomaliza adokotala amalemba zomwe akupempha, monga okosijeni, ekisire ya pachifuwa ndi kugonekedwa, n'kusaina dzina, tsiku ndi nthawi. Mayi amauzidwa kumufunditsa mwana panjira ndi kumuyamwitsa akangotha kuyamwa. Akafika asakhale pamzere: aonetse kalatayo kwa namwino nthawi yomweyo, pakuti mwana wobanika amaonedwa ena onse asanaonedwe.