Chatiboti pa WhatsApp: imayankha usiku, koma samalani ndi maola 24

Aliyense wochita geni pa WhatsApp amalidziwa funso ili: "Zingati?" Mtengo mwaulemba kale pa chithunzi, koma foni ikungolirabe mpaka pakati pa usiku. N'chifukwa chake ambiri akufuna chatiboti, pulogalamu imene imayankha makasitomala yokha pa nambala ya bizinesi.

Tiyerekeze kuti mumagulitsa nsapato ku Area 25 ku Lilongwe. Musanalipire aliyense, werengani macheza 50 omaliza ndi kulemba mafunso amene akubwerezedwa. Mwina mupeza atatu: mtengo ndi saizi, kumene muli, ndiponso ngati mumatumiza ku Mzuzu kapena ku Blantyre. Ngati mauthenga ndi ochepa, apu yaulere ya WhatsApp Business ikukwanirani. Ili ndi `Greeting message` yolonjera wolemba koyamba, `Away message` yoyankha mukatseka, ndi `Quick replies`, mayankho osungiratu amene mumawaitana polemba `/`. Koma izi sizimva funso la kasitomala.

Chatiboti yeniyeni imadutsira ku WhatsApp Business Platform, njira imene Meta inatsegulira mabizinesi onse kudzera mu Cloud API mu 2022. Mumatsegula akaunti ya bizinesi ku Meta, kulembetsa dzina looneka kwa makasitomala, ndi kutsimikizira nambala ndi kodi yobwera pa meseji kapena pokuimbirani. Kenako wokonza chatiboti amapereka `webhook`, adiresi ya pa intaneti kumene Meta imaponya uthenga uliwonse wofika kuti pulogalamu iyankhe.

Chenjerani ndi nambala. Mwa njira yachizolowezi, nambala imene ili kale pa apu imayenera kuchotsedwapo kaye, ndipo macheza akale sapita nawo. Makampani ena othandizira amatha kulumikiza apu ndi chatiboti pa nambala imodzi, choncho funsani musanafufute kanthu. Kuyesera pa simu yatsopano n'kwanzeru. Ndipo wina akakutsatsani chatiboti yotchipa yongofuna kuti musikane kodi ya QR ngati ya WhatsApp Web, mufunseni ngati ikudutsira ku Meta. Mapulogalamu osavomerezeka angatseketse nambala yanu, makasitomala onse n'kukusowani.

Mayankho muwakonze ndi mabatani. Chatiboti yodalira mawu imadziwa "mtengo", koma wina alemba "ndi bwanji?", wina "zingati boss", wina n'kutumiza voisi. Apo imasokonezeka. WhatsApp imalola mabatani atatu okha pa uthenga umodzi, kapena mndandanda wa zosankha zosapitirira 10. Kwa inu wa nsapato, mabatani akhale "Mitengo ndi saizi", "Malo ndi katumizidwe" ndi "Lankhulani nafe". Lachitatulo musalichotse, ngakhale mutatopa bwanji.

Tsopano nali lamulo limene limagwetsa ambiri. Kasitomala akakulemberani, mumakhala ndi maola 24 omuyankha chilichonse. Akalembanso, maolawo amayambira pomwepo. Akatha, mungamutumizire `template` yokha, uthenga umene Meta inauona ndi kuuvomereza kale, ndipo nthawi zambiri umalipiridwa.

Mwachitsanzo, Lachisanu nthawi ya 9 koloko usiku mtsikana wa ku Mzuzu akufunsa nsapato ya saizi 6. Chatiboti yamuuza kuti ndi K45,000. Iye akufuna awiri, ndiye akupempha kuti mumutsitsireko, n'kudina "Lankhulani nafe" pa 9:05. Inu Loweruka lonse muli ku ukwati. Lamlungu m'mawa mukulemba kuti, "Pepani achemwali, titha kukupangirani K85,000." Uthengawo sufika, chifukwa nthawi inatha Loweruka pa 9:05 usiku. Mukaona mu sisitimu mupeza nambala ya vuto `131047`. Mtsikana uja akungoona ngati mwamunyalanyaza, ndipo wagula kwina.

Mankhwala ake ndi awiri. Chatiboti izikudziwitsani nthawi yomweyo wina akadina batani lofuna munthu, ndipo izisiya kuyankha macheza amenewo kuti isakulowerereni. Komanso khalani ndi `template` imodzi yovomerezedwa kale yonena kuti mwaliona funso lake ndipo ayankhe kuti mupitirize. Akangoyankha, maola 24 ayambiranso.

Pali ntchito imodzi imene simuyenera kuisiyira chatiboti: kutsimikiza malipiro poona chithunzi. Sikirinishoti ya Airtel Money kapena Mpamba ikhoza kukhala yopeka. Chatiboti ingonena kuti, "Talandira, tikuona kaye," inu n'kuyang'ana ngati ndalama yalowadi musanatumize katundu.

Sabata iliyonse werenganinso macheza. Paliponse pamene kasitomala wafunsa chinthu chimodzi kawiri, kapena walemba kuti "pali munthu apa?", ndi pamene chatiboti yalephera. Konzani yankho limenelo, ndipo mitengo ikasintha, isintheninso mu chatibotimo tsiku lomwelo.