Nsonga ziwiri pamalo amodzi: kuwerenga chithunzi cha DNA

Magazi akapita ku labotale kuti aone ngati munthu ali ndi jini ya matenda a sikoselo, imodzi mwa njira zoyezera ndi imene Frederick Sanger ndi anzake anatulukira ku Cambridge mu 1977. Makina sapereka yankho lakuti inde kapena ayi. Amatulutsa fayilo, nthawi zambiri ya mtundu wa .ab1, ndipo mukaitsegula mumaona mzere wautali wa timapiri tosongoka tamitundu inayi. Chithunzi chimenechi ndi kulomatogalamu.

Timapirito timabwera chonchi. DNA imakopedwa kambirimbiri, koma mumsanganizowo amaikamo zilembo zina zopakidwa utoto zimene zikangolowa, kukopako kumaimira pomwepo. Motero pamakhala tizidutswa totalika mosiyanasiyana, kalikonse kali ndi utoto kumapeto. Timadutsa m'kachubu kopyapyala, tatifupi patsogolo tatitali pambuyo, makina n'kumalemba mtundu umene wadutsa. Pakompyuta A amaoneka wobiriwira, C wabuluu, G wakuda ndipo T wofiira.

Pamwamba pa kaphiri kalikonse kompyuta imalemba chilembo chimene yaganiza, ndipo apa m'pamene ambiri amapunthwa: amakopera zilembozo osayang'ana timapiri. Ine ndimati yambani kuyang'ana pansi. Chithunzi chabwino chimakhala ngati mizere ya m'munda wolimidwa bwino, nsonga zotalikirana mofanana, pansi poyera. Choipa chimakhala ndi tinsonga tosokonekera tamitundu yonse m'munsi, ngati udzu womera m'mipata. Udzuwo umachuluka DNA ikachepa kapena ikakhala yosayeretsedwa bwino, chifukwa kompyuta imakuza chithunzi chofooka kuti chioneke, n'kukuza zinyalala zomwe.

Zilembo zoyambirira, pafupifupi 20 mpaka 40, musazikhulupirire, ndipo zikapitirira 700 kapena 800 nsonga zimayamba kuphwanyalala n'kulowana. Cha pa chilembo cha 80 nthawi zina pamatukumuka chiphiri chachikulu chokwirira zinzake. Umenewo ndi utoto wotsalira umene sunachotsedwe.

Tsopano pa jini ya HBB. Munthu wopanda vutoli, pamalo amene tikufunapo pamawerengeka `CCT GAG GAG`. Wodwala amene anatengera jini ya sikoselo kwa makolo onse awiri pamakhala `CCT GTG GAG`, nsonga yofiira yokha pamene panayenera kukhala yobiriwira. Koma amene anatengera kwa kholo limodzi ali ndi zonse ziwiri, ndiye yobiriwira ndi yofiira zimakwerana pamalo amodzi, iliyonse yofupika kufika cha theka la anansi ake. Kompyuta ikhoza kulemba W, kutanthauza A kapena T, kapena N, kutanthauza kuti yalephera. Choopsa n'chakuti ikhozanso kungosankha yotalikirapo n'kulemba A, munthu wonyamula jiniyo n'kuoneka ngati alibe. Awiri onyamula akakwatirana, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi wakuti mwana abadwe ndi matendawa, choncho kachilembo kameneka sikoyenera kukadutsa mwachangu.

Nanga mudziwa bwanji kuti nsonga yachiwiriyo ndi yeniyeni osati udzu? Yang'anani zilembo khumi kumanzere ndi khumi kumanja. Ngati pansi pali poyera ndipo yofiirayo yaima ndendende pansi pa yobiriwira, osapendekera pambali, pali chifukwa choikhulupirira. Kenako werengani DNA yomweyo kuchokera mbali inayo. Kumeneko mawuwo amatembenuka kukhala `CTC CWC AGG`, ndipo nsonga ziwirizo ziyenera kuonekanso pamalo ofanana. Zinyalala sizikonda kubwerezeka pamalo amodzi mbali zonse ziwiri. Musadabwe ngati nsongazo sizikufanana ndendende msinkhu, chifukwa chilembo chotsogola chimakhudza kutalika kwa chotsatira. Koma kansonga kochepera gawo limodzi mwa asanu a inzake n'kovuta kukasiyanitsa ndi udzu. Njirayi malire ake ndi amenewo.

Pali chithunzi china chimene chimaopsa oyamba kumene. Mzere umayenda bwinobwino, kenako pamalo ena nsonga zimayamba kukwerana ziwiriziwiri mpaka kumapeto. Ambiri amati zaonongeka n'kutaya, pamene kawirikawiri ndi uthenga: pa jini yochokera kwa kholo limodzi pasowa kapena pawonjezeka chilembo, ndiye mizere iwiriyo yasemphana sitepe, ngati oimba awiri amene wina wadumpha liwu. Pamene kusokonezekako kwayambira m'pamene pali kusinthako. Zofanana ndi zimenezi zimachitikanso pambuyo pa chilembo chimodzi chobwerezedwa kambiri, monga A khumi ndi awiri otsatizana, pamene kukopa kumaterereka. Koma nsonga zikakwerana kuyambira pachiyambi penipeni, ndiye kuti m'chubu munali DNA yamitundu iwiri, kapena pulayima, kachidutswa koyambitsira kukopa, inagwira malo awiri. Pamenepo palibe chowerenga. Bwererani ku benchi, yeretsani DNA, muyambirenso.